Musalonjeze kuchepetsa kupinimbira m'miyezi 18

"Abale ndithandizeni. Tikulemba pulopozo ya pulojekiti ya kadyedwe koyenera ka ana ku Mitundu, mabanja 600, miyezi 18. Tidzagwira ntchito ndi magulu a amayi, madimba a pakhomo ndi nkhuku. A dona, opereka ndalama, akufuna pulani ya kalondolondo. Ndalemba kuti kupinimbira kutsike kuchoka pa 37 kufika pa 25 peresenti, umboni tidzatenga mu MDHS. Zili bwino?"

Achemwali, mzere umenewo ufufuteni lero lomwe, pulopozo isanatuluke mu ofesi. Nambala ya 37 ija ndi yoona, koma ndi ya dziko lonse, yochokera mu MDHS yomweyo, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo amene ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO ya ku Zomba inachita mu 2015-16. Muli ana a ku Chitipa ndi a ku Nsanje momwemo. Ngakhale mutapeza ya boma la Lilongwe, imaphatikiza ana a ku Area 47 ndi a kumidzi ya ku Mitundu, ndipo midzi yanu mwina simunafike ngakhale wofunsa mmodzi. Komanso kafukufuku wotsatira wa mtundu womwewo anachitika mu 2024. Ndiye ganizani: pulojekiti yanu ikadzatha, nambala yofananitsira mudzayidikira zaka zingati? Nambalayo isiyeni kumayambiriro kwa pulopozo, pofotokoza kukula kwa vuto. Pamenepo ndiye pamalo pake.

Vuto lina ndi kupinimbira kwenikweniko. Msinkhu wa mwana umatengera zambiri, kuyambira ali m'mimba: kadyedwe ka mayi, malungo, kutsegula m'mimba, madzi akumwa. Sizisintha msanga, ndipo dimba ndi nkhuku zimangokhudza mbali imodzi. Mukalonjeza kutsitsa ndi 12 m'chaka ndi theka, wowerenga pulopozo wodziwa ntchito adzakayika zonse zimene mwalemba.

Ine ndikanasankha chizindikiro, kapena kuti choyezera kusintha, chimene chili pafupi ndi manja anu: mwa ana a miyezi 6 mpaka 23 a m'mabanja a pulojekiti, ndi angati pa 100 aliwonse amene dzulo lake anadya kuchokera m'magulu asanu kapena kuposerapo mwa magulu asanu ndi atatu a zakudya. Ichi ndi chizindikiro chodziwika, WHO ndi UNICEF anachifotokoza kale, ndiye a dona simulimbana nawo. Chimatha kusintha m'miyezi yochepa, ndipo dzira la nkhuku zanu ndi chisoso kapena mpiru wa m'dimba zimaonekera m'menemo.

Apa pali msampha umene ambiri timagwamo. Kuno kwathu alangizi amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Magulu asanu ndi atatu a chizindikirochi ndi ena. Mkaka wa m'mawere ndi gulu palokha. Mazira ali paokha, nyama ndi nsomba paokha, mkaka wa ziweto paokha. Zipatso ndi masamba zimagawidwa pawiri, zokhala ndi vitamini A wambiri ndi zina zonse, ndipo mafuta sawerengedwa. Tengani mwana amene wayamwa, wadya phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, masana nsima ya nkhwani, madzulo dzira. Ameneyo wafika pa asanu: bere, chimanga, mtedza, nkhwani, dzira. Chotsani dziralo muikepo supuni ya mafuta, watsala pa anayi, ngakhale mayi wa gulu anganene kuti mwana wadya bwino. Mukapanda kulemba tanthauzo lonseli mu pulani, wofunsa wa poyamba adzawerenga magulu ena, wa kumapeto ena, nambala ziwirizo n'kulephera kuyerekezeka.

Tsopano poyambira, besilayini, nambala yoonetsa mmene zinthu zilili ntchito isanayambe. Mulibe, ndipo musapeke. M'bokosi lake mu tebulo la pulani lembani kuti idzapezeka pa kafukufuku wa m'miyezi itatu yoyamba, nkhuku ndi mbewu zisanagawidwe, ndipo chandamale chidzatsimikizidwa pambuyo pake. Madona ambiri amavomera zimenezi, bola aone ndalama yake mu bajeti: alawansi ya ofunsa, mafuta a njinga zamoto, masiku awiri kapena atatu ophunzitsa.

Mufunse amayi angati? Tiyerekeze kuti mukuganiza kuti poyamba mudzapeza 20 peresenti ndipo mukufuna kufika pa 35. Kuti kusiyana kwa 15 kumeneko kuoneke kuti si mwayi chabe, masamu ake amafuna ana pafupifupi 140 poyamba ndi 140 pomaliza. Koma popeza mabanja a mudzi umodzi amadya zofanana, kwezani mufike 200 kapena kuposa, ndipo muwamwaze m'midzi yambiri. Mayina muwatole mwamaere pa mndandanda wa mabanja. Mukasiyira a nyakwawa kapena atsogoleri a magulu kuti akusankhireni, adzakutengerani kwa amayi amene sajomba maphunziro. Kumbukiraninso kuti khanda la miyezi 6 lero lidzakhala ndi miyezi 24 pulojekiti ikamatha, latuluka kale m'chizindikiro. Pomaliza simudzatsata ana omwewo, mudzatolanso ena a msinkhu womwewo.

Chimene ndikufuna mugwiritse kwambiri ndi mwezi. Ine chinandichititsa manyazi. Pa pulojekiti ina imene ndinagwirako, besilayini tinaichita mu Meyi, mtedza uli pabwalo, maungu ndi mbatata zili mbwee. Kafukufuku womaliza anagwera mu Febuluwale, nthawi ya njala, nkhokwe zili gwaa, anthu ali pa ganyu. Pepala linaonetsa ngati ana akudya moipa kuposa tisanabwere, chikhalirecho amayi anali atasinthadi kaphikidwe. Tinkayeza nyengo osati ntchito yathu. Inu miyezi 18 yanuyo ikupititsani m'dzenje lomwelo, chifukwa chiyambi ndi mathero zidzagwera m'nyengo zosiyana. Njira yake ndi iyi: ngati besilayini ili mu Okutobala, bwerezani mu Okutobala wa chaka chotsatira, ndipo lembani mu pulani kuti kufananitsa kwenikweni ndi kumeneko. Ndalama zikalola, chitaninso kena kakang'ono potseka, koma mutchule nyengo yake.

Za marejisita a kuchipatala ndi DHIS2, nkhokwe ya pa kompyuta yosungira ziwerengero za zipatala, wina akuuzani kuti n'zaulere, bwanji osangotenga m'menemo. Zimathandiza, koma zimawerenga ana amene afika kusikelo, ndipo dera la chipatala silifanana ndi midzi yanu. Palinso ichi: magulu anu akayamba kuyeza ana mkono ndi tepi ija ya mitundu, nambala ya ana onyentchera olembedwa kuchipatala idzakwera, chifukwa mukupeza amene ankabisika m'nyumba. Mukalonjeza kuti nambalayo idzatsika, ntchito yabwino idzakutsutsani. Ngati mukufuna chizindikiro cha mbali imeneyi, werengani kuti mwa ana amene mwawatumiza kuchipatala, anafikadi ndi angati. Gwero lake ndi makalata otumizira, poyerekeza ndi kaundula wa alangizi a zaumoyo. Kambiranani ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe musanalembe kuti mudzaona mabuku awo.

Zizindikiro zotsalazo n'zosavuta: mabanja amene alandira nkhuku, madimba amene ali ndi ndiwo pa tsiku lowayendera (osati amene analandira mbewu), amayi amene afika pa maphunziro. Zonse pamodzi zisapitirire zisanu ndi chimodzi. Pa chilichonse lembani udindo wa wolemba, buku lolembamo, ndi tsiku la mwezi limene lidzafike ku ofesi. Chizindikiro chimene simungathe kudzaza mabokosi atatu amenewa, chichotseni. Mukakonza tebulo lanulo liponyeni muno tilionere limodzi.