Kontratu ikundiletsa ntchito zaka zitatu

*Ndinali makaniko pa kampani ina ku Moatize. Ndapeza ntchito kwina, koma abwana akale akuti kontratu ikundiletsa ntchito yofanana m'Mozambique monse kwa zaka zitatu, apo ayi ndilipire mametikali 500,000. Amalume akuti tipite tikasaine kuti ndizilipira pang'onopang'ono. Ndichite bwanji?*

Bambo, pepala akunena amalumelo musasaine. Mtima wawo ndi wabwino, koma malamulo si mlandu wa mbuzi yodya chimanga, umene umatha ndi kupepesa.

Pakali pano wofuna ndalama ndi kampani, ndiye ndi iyo iyenera kusonyeza khoti kuti chiletsocho n'chovomerezeka komanso kuti mwachiphwanya. Mukalemba kuti "ndikuvomereza ngongole ya mametikali 500,000", zinthu zatembenuka. Ndime 458 ya Código Civil, buku la malamulo okhudza mapangano ndi ngongole pakati pa anthu, imati munthu akavomereza ngongole osatchula gwero lake, mwini ngongoleyo safunikanso kupereka umboni wa gwerolo. Inuyo ndiye mudzathamange kutsimikizira kuti ngongole kulibe. Ndaona milandu yolimba ikugwera pamenepa, munthu atasaina mu ofesi ya abwana, pa Chipwitikizi chimene sanachiwerenge bwino, achibale akugwedeza mitu kuti nkhani yatha mwamtendere.

Chiletso chanucho chili ndi mabala. Ndime 84 ya malamulo aakulu a dziko imapatsa aliyense ufulu wosankha ntchito, ndipo ndime 280 ya Código Civil imati pangano losemphana ndi lamulo n'lopanda mphamvu. Woweruza angafunse kuti zaka zitatu n'zachiyani, chifukwa chiyani dziko lonse osati Moatize yokha, nanga kampani ikukulipirani chiyani pa nthawi imene mwakhala manja lende. Angafunsenso chimene makaniko angawononge pokonza injini kwina. Ngati kontratu siitchula malipiro alionse, mbali yanu ikulemerako. Sindikulonjeza kuti mupambana, poti sindinaione kontratuyo ndipo oweruza amasiyana kaonedwe. Ngakhale chiletso chitaima, ndime 812 imalola khoti kuchepetsa chindapusa chokokomeza.

Za chinsinsi cha kampani n'zina, ndipo izi zimagwira ngakhale mutachoka. Luso la m'manja mwanu ndi lanu. Koma mitengo imene kampani imapereka kwa makasitomala, mndandanda wa makasitomalawo ndi mabuku ake a makina si zanu. Ngati zili m'foni kapena kunyumba, bwezani ndipo akusainireni kuti alandira. Chiletso cha chinsinsi sichingakutsekeni pakamwa kukanena ku Inspecção Geral do Trabalho, ofesi ya boma yoyendera malo a ntchito, za malipiro osaperekedwa kapena ngozi za pantchito.

Tengani kontratu, kalata yosiyira ntchito ndi mauthenga onse oopseza, mupite nazo ku IPAJ, kumene amathandiza osakwanitsa kulipira loya. Auzeni abwana akalewo alembe zofuna zawo papepala. Samani ya khoti ikabwera, lembani tsiku limene mwailandira ndipo muthamange nayo tsiku lomwelo, chifukwa masiku oyankhira ndi ochepa ndipo kukhala chete kumatengedwa ngati kuvomera. Ngati nanunso muli ndi malipiro otsala, musadikire nkhaniyi ithe, nthawi yowafunsira imatha m'miyezi yowerengeka.