Mowa sindimwa, nanga mafuta m'chiwindi achokera kuti?

"Ndine mayi wa zaka 44, ndili ndi golosale ku Nchalo. Sikani yaonetsa kuti chiwindi changa chili ndi mafuta, koma mowa sindinaulawepo. Ndimalemera makilogalamu 82, msinkhu masentimita 160. Apongozi akuti ndimamwa mobisa. Ndichite chiyani?"

Mayi, funso lanu landiwawa chifukwa cha mawu a apongoziwo. Anthu ambiri kuno kuchigwa amadziwa matenda a chiwindi a omwa kachasu okha, ndiye munthu wopemphera akamva za chiwindi amachita manyazi n'kubisa pepala la kuchipatala. Chiwindi chimadzaza mafuta ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo chipanda.

Chimachitika n'chakuti shuga ndi chakudya chokhutitsa chikapyola chimene thupi likugwiritsa ntchito, chiwindi chimasandutsa chotsalacho kukhala mafuta. Mafutawo akapitirira magawo 5 pa 100 a chiwindi, ndiye matenda amenewa. Theka la shuga wa m'paketi limapita kukaphwanyidwa m'chiwindi, ndipo akalowa ali m'chakumwa amafika wambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake sindiyamba n'kukuletsani mafuta ophikira monga amachitira ambiri. Ndiyamba ndi firiji ya mugolosale yanu.

Dzuwa la Okutobala ku Nchalo silifuna kufotokoza. Munthu wakhala pakauntala, thukuta lili kamukamu, dzanja limangopita ku botolo lozizira. Botolo limodzi la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masipuni ang'onoang'ono pafupifupi 8. Mukamwa awiri, ndi 16. Tiyi wam'mawa ndi wamadzulo wa masipuni atatuatatu, tafika 22, tisanawerenge thobwa, sobo, mafirizesi a malambe ndi mandasi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asapyole masipuni pafupifupi 12 patsiku, ndipo 6 ndiye abwino koposa. Ludzu limeneli ndi la madzi, ndipo pa ichi sindinyengerera: zakumwa zotsekemera zichoke zonse.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti mimba ikamakula timati "bizinesi ikuyenda, mwasintha". Pamene mafuta a pamimba ndi amene amayendera limodzi ndi a m'chiwindi, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bwerekani tepi kwa telala, muyeze mimba pa mchombo mutatulutsa mpweya. Isafike theka la msinkhu wanu, kwa inu ndi masentimita 80. Ngakhale wooneka wochepa thupi, kamimba kakatuluka amadwala matendawa.

Koma musathamangire kudzimana chakudya musanayezetse zina. Ife a m'mbali mwa Shire ndi Dambo la Ndindi tili ndi zinanso zowononga chiwindi, makamaka likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakatsakamira m'chiwindi, ndi hepataitisi B, kachirombo kotupitsa chiwindi. Pemphani akuyezeni zimenezi, pamodzi ndi shuga ndi BP. Papepala la magazi mudzaona ALT ndi AST, manambala oonetsa ngati chiwindi chikuvulala. Manambala amenewa akhoza kukhala bwinobwino chiwindi chili ndi vuto, choncho funsani adokotala ngati pali zizindikiro za zipsera. Mafuta okha amachoka. Chiwindi chikatupa kwa zaka zambiri chimachita zipsera n'kuuma, ndipo chikafika pamenepo kubwerera n'kovuta. Ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku, awuzeni adokotala, koma musasiye nokha. Mankhwala a m'mabotolo amene amati "amatsuka chiwindi" asiyeni, ena ndi amene amachipweteka.

Za kulemera kwanu

Kutaya magawo 5 pa 100 a kulemera kumachepetsa mafuta, ndipo 7 mpaka 10 kumachepetsa kutupa, mwinanso zipsera. Pa makilogalamu 82, yambani n'kufuna 78, kenako mufike pakati pa 74 ndi 76. Theka la kilogalamu pamlungu n'lokwanira, miyezi itatu kapena inayi mwafika. Kusala kudya kuti muonde msanga kumatha kuwonjezera vuto m'chiwindi ndi kuyambitsa timiyala m'ndulu.

Nsima musasiye. Pamitanda itatu ya woyera tsikirani pa umodzi ndi theka, ya mgaiwa, mapira kapena mchewere, malo otsalawo mudzaze nkhwani, therere kapena sangowa, ndi nandolo, khobwe kapena makakana owotcha. Muziyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pamlungu, m'mamawa dzuwa lisanawawe, kabaza azikudutsani. Maso akachita chikasu, mimba kapena miyendo ikatupa, mukasanza magazi kapena chimbudzi chikada ngati phula, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.