Kope la pabenchi: mboni yanu pa nkhani ya msonkho

"Ndimagulitsa nyemba, mpunga ndi mtedza mumsika wa Limbe. Chiphaso cha mumsika ndimadula tsiku lililonse, koma a MRA atadutsa anandiuza kuti ndikalembetse ndipo anafunsa mabuku a bizinesi. Ine sindilemba kanthu, zonse ndimasunga m'mutu. Kodi ndizilemba chiyani kuti asandilipiritse zopitirira?"

Mayi, chiphaso chimene mumadula m'mawa ndi ndalama ya khonsolo, yolipirira malo amene mwakhalapo. Msonkho wa MRA ndi wina, ndipo umachokera pa zimene bizinesi yanu yapeza. Lamulo la msonkho limafuna kuti aliyense wochita malonda azisunga zolemba zokwanira kusonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka. Mukapanda kutero, a MRA ali ndi mphamvu yongoyerekeza okha zimene mwapeza, ndipo mukakana chiwerengero chawocho, udindo wosonyeza kuti alakwitsa umagwera inu. Zam'mutu sizikhala umboni.

Pali manambala awiri amene ambiri amawasokoneza. Yoyamba ndi ndalama zonse zimene mwagulitsa pa chaka, musanachotsepo kalikonse. Yachiwiri ndi phindu, lomwe limatsala mukachotsa ndalama zoodera katundu ndi zoyendetsera bizinesi. Nambala yoyamba ndiyo imanena gulu limene mulimo. Mu 2021 boma linakhazikitsa msonkho wokhazikika wa mabizinesi ang'onoang'ono ogulitsa zosapitirira K12.5 miliyoni pa chaka: wogulitsa zosapitirira K4 miliyoni salipira kanthu, ndipo ena amalipira ndalama yodziwikiratu malinga ndi gawo lawo, kuyambira K110,000 mpaka K225,000. Wodutsa malirewo amalipira msonkho pa phindu. Manambala a msonkho amatha kusintha ndi ndondomeko ya zachuma ya boma, choncho tsiku lokatenga TPIN, yomwe ndi nambala yanu ya msonkho ku MRA, mukapemphe kuti akulembereni a chaka chino.

Gulani kope lachikuto cholimba, mulembe manambala pa masamba onse musanayambe. Tsamba lakumanzere likhale la zolowa, lakumanja la zotuluka, ndipo tsiku lililonse liyambe ndi deti. Simungalembe kapu iliyonse ya mpunga pamene makasitomala aima pamzere, ndipo palibe chifukwa. M'mawa werengani tchenji chimene mwayambira, mulembe. Masana mukatapa m'chikwama kulipira wa wilibala kapena kugula majumbo, lembani pomwepo kumanja. Madzulo werengani zimene zili m'chikwama, muphatikize zimene munatapa zija, muchotse tchenji cha m'mawa. Mwachitsanzo, m'chikwama muli K38,000, munatapa K4,000, tchenji chinali K5,000: mwagulitsa K37,000 ya m'manja. Ngati pa foni palowa K8,000 ya makasitomala, tsikulo mwagulitsa K45,000.

Tsono onani chimene K45,000 imachita. Pa masiku 26 a mwezi ndi K1,170,000, pa chaka ndi K14,040,000. Munthu wodziona ngati wa geni yaing'ono wadutsa kale K12.5 miliyoni, ndipo msonkho wake uyenera kuchokera pa phindu. Apa ndi pamene tsamba lakumanja limakupulumutsani. Tinene kuti chaka chikuyamba munali ndi katundu wa K400,000, m'chakamo munaoda wa K11,300,000, ndipo chikutha munatsala ndi wa K500,000. Katundu amene watuluka ndi wa K11,200,000. Chotsani pa K14,040,000 ija, patsala K2,840,000. Ngati thiransipoti, ziphaso, mlonda wosunga matumba usiku, mankhwala a anankafumbwe ndi mnyamata wokuthandizani zinadya K1,200,000, phindu lanu ndi K1,640,000. Msonkho uwerengedwe pamenepo, ndiponso munthu payekha ali ndi gawo loyambirira la ndalama limene silidulidwa msonkho. Koma zotuluka zimene simungazisonyeze, wofufuza wa MRA akhoza kuzikana, phindu n'kuoneka lalikulu kuposa limene munaligwira m'manja.

N'chifukwa chake tsiku lomaliza la chaka cha msonkho, chomwe chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, muyeze matumba otsala pasikelo, mulembe makilogalamu ndi mtengo umene munaodera, osati wogulitsira.

Vuto lalikulu la anthu a mbewu ndi lakuti mlimi sapereka lisiti. Mukaoda nyemba ku Lizulu kapena ku Jenda, muzinyamula kabuku ka malisiti kokhala ndi kaboni. Lembani deti, dzina la wogulitsa, mudzi wake, nambala ya foni, makilogalamu ndi mtengo, iye asaine kapena adinde chala. Wa lole amene wanyamula matumba asainenso. Kapepala kotere sikafanana mphamvu ndi lisiti la kusitolo, koma kamaposa kutali mawu apakamwa, makamaka kakagwirizana ndi ndalama imene inatuluka pa foni tsiku lomwelo. Malisiti a makina a kusitolo aja amafufutika pakapita miyezi, choncho muziwajambula pa foni kapena kuwachita fotokope akadali owerengeka.

Za foni ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa zimapweteketsa anthu osalakwa. Pa Airtel Money kapena Mpamba yanu pamalowa ndalama za makasitomala, komanso za mwana amene ali ku Joni, za chipereganyu, ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Wofufuza akaona mndandanda wa zolowa, alibe njira yodziwira kuti iyi ndi ya mpunga, iyi ndi ya maliro. Ngati mungathe, khalani ndi nambala ya bizinesi yokha. Ngati simungathe, ndalama iliyonse yosakhala ya malonda ilembedwe kumasamba akumapeto a kope, ndi dzina la wotumiza ndi chifukwa chake. Ngongole imene mwatenga si zogulitsa, ndipo kuibweza si zotuluka za bizinesi. Chiwongoladzanja chokha ndicho chingachotsedwe, ngati ngongoleyo inalowadi mu geni.

Wokongola mpunga mumulembe tsiku limene watenga katundu. Akadzabweza, muchonge pa dzina lake, ndipo ndalamayo muichotse powerengera madzulo kuti isalowe kawiri. Fizi ya ana, lendi ya nyumba yogona ndi ndiwo za kunyumba sizichotsedwa pa phindu, ndipo nyemba zimene mwatapa kukaphika muzilembe padera pa mtengo woodera. Thumba likafumbwa kapena kunyowa ndi mvula, lembani tsiku ndi makilogalamu, mulijambule musanataye.

Kope lolembedwa usiku umodzi limadziwika msanga: bolopeni imodzi chaka chonse, masamba oyera opanda ndi fumbi lomwe, manambala ozungulira okhaokha, malonda olembedwa pa tsiku limene msika unatsekedwa. Musayese zimenezo, chifukwa kupereka zolemba zabodza ndi mlandu woposa kusowa zolemba. Yambani lero ndi katundu amene muli naye. Za miyezi yapita, kapempheni mndandanda wa zolowa ndi zotuluka ku kampani ya foni, musonkhanitse malisiti amene alipo. Mukalakwitsa polemba, dulani ndi mzere umodzi, osang'amba tsamba. Makope odzaza ndimalangiza kuti asungidwe zaka 7.

Wobwera pabenchi panu m'dzina la MRA akuonetseni chitupa chake cha ntchito. Msonkho sulipiridwa m'manja mwa munthu pamsika, umalipiridwa ku banki kapena njira zina zovomerezeka pa TPIN yanu, ndipo lisiti lake mulisunge. Akatenga kope lanu, akulembereni kuti atenga. Akakutumizirani chiwerengero cha msonkho chimene simukugwirizana nacho, muli ndi masiku 30 olembera kalata yotsutsa kwa Komishinala Wamkulu wa MRA. M'kalatamo mutchule TPIN, chaka chimene akunena, nambala imene mukuikana ndi chifukwa chake, muphatikize mafotokope a masamba a kope ndi malisiti. Kalatayo ikhale pawiri, ina akudindireni deti mubwerere nayo. Yankho lawo likapanda kukukhutiritsani, lamulo limakulolani kuchita apilo, ndipo pofika pamenepo mubwere ndi makope onse tidzakhale pansi masiku a apilowo asanathe.