Makompyuta akale a pasukulu: Linux kapena Windows?

"Ndimaphunzitsa pasukulu ina yoyendera kufupi ndi Chipoka. Tili ndi makompyuta 14 olandira, iliyonse ili ndi memori ya 2 GB, ndipo ndalama ya laisensi palibe. Tiikemo Linux kapena tikakamire Windows?"

Aphunzitsi, kalata yanu yandikumbutsa labu imene ndinkayang'anira pasukulu ina kuno ku Nkhotakota, momwe munali makompyuta a Core 2 Duo amene anabwera pa lole atakutidwa ndi lona. Mnyamata wina wa pamsika anatiikiramo Windows 10 yopanda laisensi, ndipo ine ndinavomera chifukwa ndinkaopa chinthu chachilendo. Phunziro la mphindi 40 linkatha theka ana akungoyang'ana timadontho tikuzungulira pa sikirini, kanyale ka hadi disiki kali koyaka osaphethira. Kanyale kameneko ndi mboni yosanama: kakayaka mosalekeza, nthawi zambiri memori yadzaza ndipo kompyuta yayamba kutula katundu pa disiki, imene ndi yochedwa kwambiri poiyerekeza ndi memori. Pa makina athu Windows 10 inkadya yokha memori yoposa 1 GB mwana asanatsegule chilichonse.

Chimene chinandimaliza ndi fulashi. Mphunzitsi mnzanga anapita nayo kukasindikiza mayeso pa kashopu kena, nabwera nayo ili ndi vairasi yobisa mafoda, ndipo sabata isanathe labu yonse inali itadwala. M'nyengo yotentha ya Okutobala, mafani akulira ndi fumbi, magetsi akuzimazima, ndinkakhala Loweruka lathunthu ndikuikanso zonse ngati wotunga madzi ndi dengu.

Ndiye ndinene mosapsatira: Windows pa makina oterewa ndi njira yotsekeka. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo thandizo la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna memori ya 4 GB ndi kachipangizo ka TPM 2.0, kamene makompyuta a msinkhu umenewo alibe. Amene akukuuzani kuti angathe kuikakamiza sadzakhalapo tsiku limene idzakane kuyaka ana 60 ali pakhomo.

Komabe musamve ngati Linux iliyonse ndi yopepuka, pakuti Ubuntu wamba nayenso amalemera pa 2 GB. Ine ndinaika Debian, mtundu wina wa Linux, yokhala ndi maonekedwe opepuka otchedwa LXQt, ndipo ikangoyaka inkatenga pafupifupi 500 MB, kusiyira malo okwanira LibreOffice, pulogalamu yaulere yolowa m'malo mwa Microsoft Office. Mdani weniweni ndi bulauza, chifukwa mwana akatsegula masamba asanu kapena asanu ndi limodzi mu Firefox, kanyale kaja kamayambiranso. Ife tinangolamula kuti masamba asapitirire awiri.

Pali nkhani ya mayeso imene sindingaibise. Mabuku amene tinali nawo pokonzekera MSCE ankaonetsa zithunzi za Word, Excel ndi Access. Writer ndi Calc za mu LibreOffice zimagwira ntchito zofanana ndi ziwiri zoyambazo, zimasunganso .docx ndi .xlsx, ndipo ana anazolowera msanga kuposa ife akuluakulu. Base yokha ndiyo inasiyana kwambiri ndi Access, moti tinasiya makompyuta awiri amene anali ndi sitika ya laisensi ya Windows 7 pambali pake, osawalumikiza pa intaneti, ndipo fulashi yachilendo sinkaloledwa kuwayandikira. Dziwani kuti sitikayo ndi ya Windows yokha, Office ili ndi laisensi yakeyake.

Zoti muchite Lolemba

Musafafanize kalikonse poyamba. Ikani pa fulashi ya 8 GB Debian ya mtundu wa Live, imene imayenda osaiika pa hadi disiki, yatsirani kompyuta imodzi kuchokera pamenepo, kenako tsegulani Terminal ndi kulembamo izi, kuti muone mtundu wa purosesa ndi kuchuluka kwa memori:

```
lscpu
free -h
```

Ngati mzere wa CPU op-mode(s) waonetsa 64-bit, Debian kapena Lubuntu, amene ndi Ubuntu wopepuka, zikhoza kulowa. Ngati fulashiyo yakana kuyatsa chifukwa purosesa ndi ya 32-bit yokha, yesani Linux ina yotchedwa antiX, ya 32-bit, popeza Lubuntu inasiya kalekale makina oterowo ndipo Debian 13 nayo sinatulutse choikira cha 32-bit. Yesaninso purintala ya ku ofesi ya ahedi musanalonjeze kanthu, pakuti ina ya ife inakaniratu. Mukamaliza kuika Debian, onjezerani ichi chimene chimapanikiza zinthu m'memori m'malo mozitaya pa disiki:

```
sudo apt install zram-tools
```

Ana apatseni akaunti yopanda mphamvu ya sudo, imene imalola munthu kuika kapena kuchotsa mapulogalamu. Ndipo ngati pakati pa 14 aja pali atatu kapena anayi ofooka kale, atseguleni, zulani timitengo ta memori tawo, ndipo ngati ndi ta mtundu umodzi, monga DDR2 yokhayokha, muwonjezere mwa anzawo okhala ndi mipata yotsala. Ife tinapha anayi, ndipo ena anayi anafika pa 4 GB osagula kanthu.