Tepi inkakakamiza woimba kusankha msanga

"Kodi kuchoka pa tepi kupita pa kompyuta kunasinthadi kapekedwe ka nyimbo?"

Kunasinthadi, makamaka pa nthawi yopangira chiganizo. Pa tepi ya matiraki anayi, kutanthauza malo anayi ojambulapo payokhapayokha, ukajambula ng'oma, besi ndi gitala pa atatu, umazisakaniza n'kuzikopera pa lachinayi kuti upeze malo a mawu a woimba. Zikatero basi, ng'oma zikaphimba besi sungazilekanitsenso, ndipo kukopera kulikonse kumawonjezera kaphokoso konga mphepo. Choncho nyimbo inkapekedwa yonse, n'kuyesezedwa, musanajambule.

Mu mapulogalamu a pa kompyuta ojambulira nyimbo monga Pro Tools kapena Ableton Live umayamba ndi kachidutswa ka mabala anayi, kutanthauza timagawo tinayi ta kugunda kwa nyimbo, n'kumakabwereza, kuwonjezera ndi kuchotsa zida. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti vesi ndi kolasi zimakhala pa makodi amodzimodzi. Zimitsani mawu a woimba mumvetsere: ngati simukuzindikira poyambira kolasi, nyimboyo yangozungulira pamodzi.