Mapu anga akugwirizana pakati pokha, m'mbali akuthawa

Mayi wina amene akuyesa kugwirizanitsa mapu akale ndi chithunzi cha setilaiti m'pulogalamu ya mapu ya QGIS wandilembera imelo kuti: "Ndili ndi mapu akale a mudzi wathu, a sikelo ya 1:5000, ndipo ndinawasikana pa 300 dpi. Mu Georeferencer ya QGIS ndinaika madontho anayi pafupi ndi sukulu n'kusankha Thin Plate Spline. Residual ikuonetsa 0, koma ndikayala mapuwo pa chithunzi cha setilaiti, msewu ndi mtsinje wa kumapeto zikuphonyana ndi mamita 40. Vuto lili pati?"

Mayi, Residual ndi nambala yoonetsa kuti dontho lililonse laphonya motani, koma 0 ameneyo musamukhulupirire. Thin Plate Spline imapinda ndi kukoka mapu mpaka dontho lililonse limene mwaika ligwere ndendende pamene mwaloza. Ngakhale mutaloza tchalitchi m'malo mwa sukulu, idzakupatsanibe 0. Polynomial 1, njira ina ya masamu yogwirizanitsira mapu, nayo imachita chimodzimodzi mukaipatsa madontho atatu okha, poti atatu ndiwo ochepetsetsa amene imafuna, ndipo sipatsala lina loti liwatsutse. Pa Polynomial 1, nambala ya Residual imayamba kukhala ndi tanthauzo pokhapokha madontho akachuluka kuposa amene masamuwo akufuna.

Chachiwiri, chimenenso ndikuganiza kuti ndicho gwero lenileni, n'chakuti madontho anu aunjikana malo amodzi. Zili ngati kukhoma thabwa lalitali ndi misomali pakati pokha: pakatipo pagwira, koma nsonga zake zikugwedera. Tiyerekeze kuti madontho anu anayi ali m'dera la mamita 200, ndipo pa limodzi munaphonya ndi mamita atatu. Kuphonya kumeneko kumapotoza mapu onse pang'ono, ndipo mukafika mtunda wa kilomita imodzi, mamita atatu aja asanduka 15. Madontho awiri akaphonya molowera kosiyana, mamita 40 anuwo si ovuta kufika.

Musanayambirenso, dziwani malire a pepala lanu. Pa sikelo ya 1:5000, milimita imodzi papepala ndi mamita asanu pansi. Pa 300 dpi, pikiselo imodzi ndi mamilimita pafupifupi 0.085, amene pansi ndi masentimita 42. Mzere wa inki wonenepa theka la milimita ukuphimba mamita awiri ndi theka, kutanthauza mapikiselo pafupifupi 6. Choncho mukaona Residual ya mapikiselo 5 mpaka 10, ntchito yayenda bwino, ndipo musadzivutitse kufunafuna 0. Pepala silingapereke kulondola kumene wojambula sanaikemo.

Tsopano chotsani madontho akale, muyambe ndi m'makona. Pezani malo amodzi odalirika pafupi ndi kona iliyonse ya mapu, ena anayi m'mbali, ndi awiri kapena atatu pakati. Dinani malowo pa mapu osikanidwa, kenako From Map Canvas, n'kudina malo omwewo pa chithunzi cha setilaiti mutachikulitsa mokwanira.

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa si chilichonse chooneka mbali zonse ziwiri chimene chili choyenera. Sankhani zinthu zimene sizisuntha: mlatho, mphambano ya misewu ikuluikulu, kona ya nyumba yakale ya njerwa ngati ya sukulu kapena yopemphereramo, pamene njanji yadutsana ndi msewu. Mtsinje upeweni. Pa zaka makumi angapo madzi amadya gombe lina n'kusiya mchenga ku linzake, moti mbali ina ya mamita 40 anuwo ingakhale kuti mtsinjewo unasunthadi, mapu alibe mlandu. Njira zapansi zimasintha anthu akalima munda watsopano, mitengo imadulidwa, ndipo nyumba zaudzu zimagwa n'kumangidwanso pambali. Mukasankha nyumba, yang'anitsitsani denga: chithunzi chikajambulidwa chopendekeka, denga limaoneka litasendera pambali pa maziko, ndipo nyumba ikatalika kusenderako kumakulanso. Lozani pamene khoma lakumana ndi nthaka ngati pakuoneka.

Mu Transformation Settings sankhani Polynomial 1. Imeneyi imasuntha mapu, kuwatembenuza, ndi kuwatambasula mosiyana m'litali ndi m'lifupi, zimene zimathandiza chifukwa pepala likakalamba silikhwinyata mofanana mbali zonse. Mizere yowongoka imakhalabe yowongoka. Pa Target CRS, pamene mumasankha dongosolo la manambala olozera malo, ikani UTM ya dera lanu kuti muzigwira ntchito ndi mamita enieni. Ngati mapuwo munachita kuwajambula ndi foni mutaima chapambali, Projective ndiyo imakonza kupendekekako, ndipo imafuna madontho osachepera anayi.

Tinene kuti mwaika madontho 10. Mu GCP table, tebulo la madontho anu, asanu ndi anayi akuonetsa mapikiselo pakati pa 4 ndi 12, koma limodzi, la pa mphambano ya kumpoto, likuonetsa 40, amene ndi mamita pafupifupi 17. Musathamangire kulifufuta kuti manambala akongole. Lichotseni chizindikiro chake kaye m'tebulomo, muone ngati enawo atsika. Akatsika onse, dontho lija linkawakoka, ndiye bwererani pa chithunzi mukaone chifukwa chake. Kawirikawiri mumapeza kuti msewu unawongoledwa ndipo mphambano yakale ikuonekabe ngati kachipsera m'munda, chapambali. Lozani pa kachipserako. Mukalephera kupapeza, sakani dontho lina m'dera lomwelo, chifukwa mukangolichotsa kona ya kumpoto itsala yopanda choigwira ndipo mwabwerera ku vuto lija.

Mayeso enieni amabwera mutadina Start Georeferencing. Sungani malo atatu abwino amene simunawaike m'tebulo, makamaka a kumapeto. Mapu atsopano akatseguka, tsitsani Global Opacity kufika pa 50%, ndipo ndi Measure Line yezani kutalika kwa pakati pa malowo pa mapu ndi pa chithunzi. Mukapeza mamita atatu mpaka asanu, amenewo ndiwo manambala oti muuze aliyense wofunsa kuti mapu anu ndi olondola motani.

Zikaphonyanabe, kaphonyedwe kake kamaulula chifukwa. Kuphonya kukamakula mukamapita m'mbali, madontho sanafike kumeneko. Kukasintha mwadzidzidzi mukadutsa mzere wina, yang'anani pepala lenilenilo, mupeza kuti ndi pamene linapindidwa kapena kumatidwa. Liwongoleni bwino n'kusikananso, kapena chitani chigawo chilichonse pachokha. Mapu onse akasendera mbali imodzi ndi mtunda wofanana, ndipo munagwiritsa ntchito manambala osindikizidwa m'mphepete mwa mapu, ndiye kuti ndi nkhani ya datamu, maziko amene manambala olozera malo amawerengedwera. Mapu ambiri akale anajambulidwa pa datamu ina, monga Arc 1950 kapena Arc 1960, pamene zithunzi za setilaiti zimatsata WGS 84, ndipo kusiyana kwake kumatha kufika mamita mazana angapo. Werengani zolembedwa m'munsi mwa mapu ndipo musankhe CRS imeneyo polowetsa manambalawo.

Thin Plate Spline ili ndi ntchito yake. Ngati mapu anajambulidwa pamanja popanda kuyeza, kapena pepala linanyowa n'kufufuma mwa apo ndi apo, imathandiza, koma ipatseni madontho ambiri omwazikana mapu onse, ndipo muyambe mwawayesa ndi Polynomial 1 kuti olakwika aonekere.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, mayi, chifukwa mapu a mudzi sachedwa kulowa m'nkhani za malire a minda. Chithunzi cha setilaiti nachonso chimatha kuphonya ndi mamita angapo, ndipo mukaphatikiza ndi kunenepa kwa inki kuja, mzere wa pa kompyuta sungagamule kuti mzere wa mbewu uwu ndi wa yani. Zimenezo zimafuna woyeza malo afike pamalopo ndi zipangizo zake. Sunganinso madontho anu ndi Save GCP Points as, m'failo ya `.points`, pamodzi ndi chithunzi choyambirira chosikanidwa, kuti wina akafuna kuona kuti munaloza pati athe kutsegula n'kudzionera yekha.