Kuwerenga galafu ya timadontho pa chithunzi: mphamvu ya mgwirizano, dontho lapalokha ndi mzere

"Ndatumiza chithunzi cha galafu ya minda 25 ya ekala imodzi imodzi. M'munsi muli makilogalamu a feteleza, m'mbali muli matumba a chimanga amene anakololedwa. Manambala ake ndilibe. Kodi mgwirizanowu ndi wamphamvu? Nanga dontho limene lili lokhalokha kumanja ndilichotse? Mzere umene wajambulidwa kudutsa pa timadontho uli pamalo pake?"

Chithunzi chanu munachijambula foni itapendekeka pang'ono, choncho ndikupemphani kuti muchijambulenso pepala litagona pathebulo ndipo foni ili pamwamba pake penipeni, chifukwa kupendekeka kumachititsa gulu la timadontho kuoneka lowonda kapena lonenepa kuposa mmene lilili. Ngakhale zili choncho, zimene zikuoneka n'zokwanira kuti tiyerekeze.

Yambani mwa kuiwalako mzerewo, pakuti diso likaona mzere limafulumira kukhulupirira kuti timadontho tikuutsata. Phimbani dontho lakumanjalo ndi chala, kenaka zunguzani timadontho totsalato ndi pensulo, kuti papangike chinthu chooneka ngati dzira. Yezani kutalika kwa dziralo, L, ndi kunenepa kwake pakati, W. Malinga ngati gululo latambasuka mofanana chopingasa ndi choimirira, monga zilili pa galafu yanu, nambala ya Pearson, r, imene imayeza mphamvu ya mgwirizano, ingayerekezedwe motere:

```
r ≈ (L² − W²) / (L² + W²)
```

Ine ndinapeza kutalika kwa masentimita 9 ndi kunenepa kwa masentimita 3, ndipo 72 kugawa ndi 90 kumapereka 0.8. Umenewu ndi mgwirizano wamphamvu ndithu, popeza r sapitirira 1, koma kuchulukitsa r ndi r yemweyo kumatiuza gawo la kusiyana kwa zokolola limene feteleza akufotokoza, ndipo 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 ndi 0.64, kutanthauza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kusiyana kwa zokolola silikufotokozedwa ndi fetelezayo. Dzira likanakhala lalitali kawiri kokha kuposa kunenepa kwake, r akanakhala 0.6. Musaweruze potengera kutsetsereka kwa mzere, chifukwa kumeneko kumasintha munthu akangotambasula mbali imodzi ya galafu, pamene r sasintha.

Dontho lapalokhalo ndilo landidetsa nkhawa kwambiri. Dontho likatalikira anzake m'mwamba kapena m'munsi koma lili chapakati, limatsitsa r ndi kukweza kapena kutsitsa mzere pang'ono, osaupendeketsa kwenikweni. Lanulo lili kumapeto kwenikweni kwa dzanja lamanja, pa feteleza wochuluka kuposa minda yonse, koma zokolola zake n'zochepa, ndipo dontho lokhala pamalo otere limakoka mzere monga mmene munthu wokhala kunsonga kwa thabwa amalipendeketsera. Katswiri wa masamu Francis Anscombe anaonetsa ngozi imeneyi mu 1973 ndi magulu anayi a manambala, lililonse la timadontho 11, amene onse ali ndi r wa pafupifupi 0.82 ndi mzere umodzimodzi, chikhalirecho m'gulu lachinayi dontho limodzi lokha ndilo likupanga mzere wonsewo.

Musalichotse chifukwa chongoti likuipitsa galafu. Funsani amene analemba manambalawo ngati munda umenewo unalidi ekala imodzi, ngati sanalembe 200 pofuna kulemba 20, kapena ngati mbewu inaonongeka ndi madzi osefukira kapena mbozi. Cholakwika cha polemba chimakonzedwa, koma ngati nambalayo ndi yoona, perekani zotsatira ziwiri, china chokhala ndi dontholo ndi china chopanda, ndipo munene chifukwa chake.

Mzere woyenera umayesedwa ndi mipata yoimirira pakati pa dontho lililonse ndi mzerewo, osati yopingasa, ndipo umadutsa pamene avereji ya feteleza ikumana ndi avereji ya zokolola. Umakhalanso wogona pang'ono kuposa msana wa dzira lija, ndiye musadabwe ziwirizi zikasiyana. Gawani galafu m'zigawo zitatu kuchokera kumanzere, ndipo m'chigawo chilichonse muone ngati timadontho tagawanika bwino pamwamba ndi pansi pa mzere. Pa chithunzi chanu, ta kumanzere tili pansi pake, ta pakati ndi ta chakumanja tili pamwamba, ndipo dontho lija lokha ndilo lili pansi patali. Zimenezi zikusonyeza kuti mzerewo wakokedwa, ngakhale kuti n'zothekanso kuti mgwirizano weniweni ndi wokhota, popeza chimanga sichionjezera zokolola mofanana feteleza akamachulukirachulukira. Munda umodzi sungatiuze chimene chili choona mwa ziwirizi, pafunika minda ina ya feteleza wochuluka chomwecho.

Dziwaninso kuti ine ndawerenga timadontho 23 tokha, zomwe zikutanthauza kuti tina tasanjikizana, ndipo chithunzi sichingationetse. Mukawapeza manambalawo, aikeni mu Excel, feteleza kuyambira pa A2 mpaka A26 ndi zokolola kuyambira pa B2 mpaka B26, ndipo mulembe izi, kamodzi ndi minda yonse, kenaka mutachotsa munda uja:

```
=CORREL(A2:A26,B2:B26)
```